Kutsegula m'mimba pa ulendo: ndi liti pamene kumwa mankhwala kamodzi kumathandiza?

Munthu akatsegula m'mimba ali pa ulendo, kawirikawiri gwero lake ndi mabakiteriya a m'chakudya kapena m'madzi, makamaka mtundu wina wa E. koli. Matendawa amatha okha pa masiku 3 mpaka 5. Mankhwala opha mabakiteriya amangofupikitsa nthawiyi ndi tsiku limodzi kapena awiri. Choncho chimene ife azachipatala timayeza ndi chakuti tsiku limodzilo ndi lofunika bwanji kwa wodwalayo.

Mu 2017 akatswiri a matenda a apaulendo anagawa vutoli potengera mmene likumulepheretsera munthu kuchita zake. Ngati mukupita kuchimbudzi kangapo koma mukutha kuyenda ndi kudya, mankhwala opha mabakiteriya sakufunika. Sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena a m'botolo, muzimwa pang'onopang'ono. Ngati matenda akukusokonezani, mungathe kumwa mankhwala opha mabakiteriya kapena ayi. Akakugonetsani, pamenepo ndi oyenera.

Tiyerekeze mayi wa geni wa zaka 35, wopanda matenda ena, wosayembekezera, amene wapita kukaoda katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam. Tsiku lachitatu m'mimba mwayamba kupotokola, akutsegula madzi okhaokha, wapita kasanu ndi kamodzi chiyambire m'mawa, ndipo walephera kupita kumsika. Magazi palibe, thupi silikutentha. Basi yobwerera kudzera ku Songwe ikunyamuka mawa. Mayi ameneyu ndiye woyenera mlingo umodzi wa mankhwala opha mabakiteriya: azithiromaisini wa mamiligalamu 1000 kamodzi kokha. Mlingowu umachititsa nseru anthu ena, kotero angathe kumwa 500 tsopano ndi 500 wina madzulo a tsiku lomwelo. Angawonjezere lopelamaidi, mankhwala oimitsa m'mimba: mamiligalamu 4 poyamba, kenako 2 akapitanso kuchimbudzi, osapyola malire olembedwa pa paketi. Thanzi asaleke. Ambiri amapeza bwino pasanathe tsiku. Ngati sizikusintha pakatha maola 24 mpaka 48, aonane ndi dokotala, asangosintha mapiritsi.

Sipulo, mankhwala enanso opha mabakiteriya, nayenso amamwedwa kamodzi, mamiligalamu 750, koma mphamvu yake yachepa. Ku India ndi ku Thailand mabakiteriya otchedwa kampilobakita ambiri samvanso sipulo, choncho wopita kumeneko adalire azithiromaisini. Sipulo sitikonda kumupereka kwa amayi oyembekezera ndi ana, ndipo salowa bwino m'thupi mukamumwera pamodzi ndi mapiritsi a ayironi kapena a chilungulira. Fulajilo amene anthu amathamangira m'magolosale sachita kanthu pa E. koli. Ntchito yake ndi pa tizilombo tina monga amiba ndi jiyadiya.

Mayi yemweyo akaona magazi kapena zonanda m'chimbudzi, nkhani yasintha. Imeneyo ndi kamwazi. Lopelamaidi asiye, apite kuchipatala. Kamwazi wobwera ndi kutentha thupi amafunadi mankhwala, mwina a masiku 3, koma woyeza ndiye asankhe. Pali mtundu wina wa E. koli wotulutsa poizoni, umene umabweretsa magazi ambiri ndi kupotokola koopsa thupi lisakutentha kwenikweni. Pamenepa mankhwala ena, makamaka sipulo, angawonjezere ngozi yoti impso zileke kugwira ntchito, makamaka kwa ana.

Kutentha thupi pakokha n'chifukwa chokwanira choyezetsa magazi. Malungo amatha kuyamba ndi kutsegula m'mimba, ndipo azithiromaisini angangokutayitsani masiku. Amene amakhala ku Ulaya kapena ku Joni n'kubwera kudzaona abale asamale kwambiri apa, chifukwa chitetezo chawo ku malungo chinatsika. Chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga, chotuluka chambiri, maso n'kulowa m'kati, ndi chizindikiro cha kolera. Chopulumutsa ndi madzi ndi diripi kuchipatala, msanga.

Azithiromaisini ndi sipulo onse amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Wodwala mtima, kapena amene akumwa kwinini kapena mankhwala ena a malungo, asadzipatse yekha. Mwana wamng'ono mlingo wake umatengera kulemera kwake, ndipo chimene amafuna koposa ndi Thanzi ndi zinki. Kutsegula kopyola masiku 14 sikuthanso ndi mlingo umodzi, kumafuna kuyeza chimbudzi.

Ine sindivomereza kumwa mankhwalawa pa kutsegula kochepa, ngakhale ali m'chikwama kale. Amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo, malo awo n'kutengedwa ndi osamva mankhwala. Apaulendo amene amwa mankhwala otere, makamaka ku India ndi maiko oyandikana nawo, amabwerera ndi mabakiteriya osamvawa kawirikawiri kuposa amene sanamwe. Amatha kukhala m'matumbo miyezi ingapo osadwalitsa, koma akalowa m'chikhodzodzo amayambitsa matenda amene mapiritsi wamba sachiza, wodwala n'kufunika jakisoni wa m'mitsempha.