Nyenyezi ndi mawa la munthu: mkangano wakale wa okhulupirira

Zizindikiro 12 za nyenyezi zimene anthu amawerenga pa foni m'mawa zinachokera ku Babulo, kumene openda nyenyezi anagawa njira ya dzuwa m'zigawo 12 zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Horosikopu yaifupi ya m'nyuzipepala, yolosera mawa la munthu potengera chizindikiro chake, ndi ya dzana lomweli. Inatchuka ku Britain mu 1930, R. H. Naylor atalemba mu Sunday Express za tsogolo la Margaret, mwana wa banja lachifumu amene anali atangobadwa.

Akhristu sanakangane ndi kuyang'ana kumwamba, pakuti pa Mateyu 2 anzeru akum'mawa anatsata nyenyezi. Chinawavuta n'chakuti ngati nyenyezi zinalemberatu moyo wa munthu, tchimo lake ndi la yani, ndipo pemphero lingasinthenji?

Augustine, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, ankafunsira kwa openda nyenyezi ali mnyamata. Cha m'ma 400 analemba chimene chinam'tsegula maso. Bambo wa mnzake Firminus ankakonda zopendazi limodzi ndi bwenzi lake, moti ankalemba ngakhale nthawi imene ziweto zaswa. Mayi a Firminus ali oyembekezera, kapolo wamkazi wa bwenzi lija nayenso anali ndi pakati. Ana atabadwa, nyumba iliyonse inatuma munthu kukanena, ndipo amithengawo anakumana pakatikati pa njira. Ola limodzi, nyenyezi zofanana. Koma Firminus analemera n'kupatsidwa ulemu, mwana wa kapoloyo n'kukhalabe kapolo. Wopenda akanati anene zoona za onse awiri, akanayenera kunena zosiyana kuchokera pa tchati chimodzi cha nyenyezi.

Nkhaniyo sinathere pomwepo. Thomas Aquinas, katswiri wa zaumulungu wa Katolika, anavomera kuti zakumwamba zimakhudza thupi ndi nyengo, koma anakana kuti zingalamule chifuniro cha munthu. Mu 1586 Papa Sixtus V analetsa kulosera za anthu ndi nyenyezi, koma anasiya za ulimi, za panyanja ndi za mankhwala. Katekisimu wa Katolika wa 1992 amakana horosikopu pa ndime 2116. Asilamu amakumbuka tsiku limene Ibrahim, mwana wa Mneneri Muhammad, anamwalira dzuwa n'kuchita kadamsana. Mneneriyo anawauza anthu kuti dzuwa ndi mwezi sizida chifukwa cha imfa kapena moyo wa munthu. Kwa Ahindu ambiri n'zosiyana: kupenda nyenyezi kuli mkati mwa chipembedzo, ndipo kumagwiritsidwa ntchito posankha tsiku la ukwati.

Choncho mnzanu akati "ine ndine Leo", musathamangire kum'ponyera Yesaya 47:13, ndime imene imadzudzula openda nyenyezi. Yambani mwafunsa kuti amachita nazo chiyani. Wina amangoseka n'kuiwala. Wina waimitsa chibwenzi kapena wakana ntchito chifukwa cha zimene wawerenga, ndipo ameneyu ndiye wofunika kukhala naye pansi, chifukwa kawirikawiri chimene chikum'vuta ndi mantha a mawa. Mufunseni chimene akuopa, kenaka munene chimene inu mumakhulupirira. Ndipo wopemphera akakana kukuuzani tsiku lake lobadwa kuti mumuwerengere, musam'kakamize kuti "ndi zocheza chabe". Kwa iye si zocheza.