Kulembera adokotala za vuto la kukodza musanapite kukaonana nawo

Abambo ambiri akalowa m'chipinda cha adokotala ndi vuto la kukodza amangonena kuti "m'munsimu simuli bwino," kenako n'kukhala chete. Manyazi amagwira, makamaka dokotalayo akakhala wa msinkhu wa mwana wako, ndipo panja pamakhala pali mzere wa anthu odikira. Munthu amatuluka atanena theka la zimene zinamubweretsa. Njira imodzi yothandiza ndiyo kulemba zizindikiro zonse muli kunyumba, mtima uli m'malo. Ngati adokotala anakupatsani nambala yawo, mutha kuwatumizira pa foni. Ngati sanakupatseni, lembani papepala, muliike m'kabuku ka kuchipatala, mukawapatse pamanja.

Tiyeni titenge chitsanzo cha bambo wa zaka 58, mlimi wa kwa Santhe m'boma la Kasungu, amene ali ndi tsiku lokaonana ndi adokotala kuchipatala chachikulu cha pa boma. Uthenga woyamba umene analemba unali wotere:

"A Dokotala, sindikupeza bwino. Ndikuvutika pokodza kuyambira kalekale, mwina ndi khansa. Chonde ndithandizeni."

Nkhawa yake ikumveka, koma adokotala sangachite nawo kanthu uthengawu. "Kalekale" angakhale milungu iwiri kapena zaka zitatu. "Kuvutika" kungakhale kupweteka, kuchedwa kutuluka kwa mkodzo, kapena kulephera kuugwira, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimaloza ku matenda osiyana. Dzina la matenda limene bamboyu waika ndi mantha ake chabe.

Masiku atatu oyeza mkodzo

Asanalembe kachiwiri, bamboyu anachita chinthu chimene tikupempha aliyense wa vuto lotere kuti achite. Anatenga botolo lapulasitiki la theka la lita, lija logulitsiramo madzi akumwa, n'kulidula kukamwa kuti likhale lotakasuka. Kwa masiku atatu, usana ndi usiku, ankakodzeramo, n'kulemba nthawi ndi pamene mkodzo wafika m'botolomo: kota, theka, kapena kudzaza. Akatero ankataya kuchimbudzi, n'kutsuka botololo ndi m'manja mwake.

Ntchitoyi ndi yotopetsa, komabe imayankha funso limene kufotokoza kwa pakamwa sikutha kuyankha. Anthu awiri akhoza kudandaula mofanana kuti akudzuka kasanu usiku. Mmodzi nthawi iliyonse akutulutsa mkodzo wochuluka, wokwana mabotolo oposa asanu ndi limodzi pa tsiku lonse, ndiye kuti malita oposa 3, ndipo ludzu silikumuthera. Ameneyu adokotala ayamba ndi kumuyeza shuga. Winayo akutulutsa pang'onopang'ono, mwina kota ya botolo, koma mukaphatikiza tsiku lonse ndi mlingo wa munthu wabwinobwino, pakati pa lita imodzi ndi malita awiri. Kwa iyeyu vuto likhoza kukhala m'chikhodzodzo kapena pa njira yotulukira mkodzo.

Uthenga wachiwiri

"A Dokotala, muli bwanji? Ndine uja munandiuza kuti ndibwere Lachinayi. Ndili ndi zaka 58. Ndati ndilembe chifukwa zina ndingachite nazo manyazi kunena.

Vuto langa ndi la kukodza. Linayamba mwezi wa Meyi, pokolola chimanga, ndipo likunka likulirakulira. Usiku ndikudzuka kanayi kapena kasanu, pamene kale ndinkadzuka kamodzi. Ndikaima kuti ndikodze, ndimadikira kaye mkodzo usanayambe. Umatuluka mofooka, umaduka n'kuyambiranso, ndipo ndikamaliza ndimamva ngati wina watsalira. Sindimva kuwotcha.

Ndayeza masiku atatu ndi botolo la theka la lita. Ndikukodza pafupifupi ka 12 pa tsiku, nthawi iliyonse kota ya botolo. Zonse pamodzi ndi mabotolo atatu pa tsiku. Ludzu silinachuluke, ndi lija la masiku onse.

Kawiri mwezi wathawu ndinaona magazi. Anatuluka kumapeto kwenikweni, madontho ochepa ofiira, opanda ululu. Panalibe zoundana. Ndimalima kudimba ndipo ndimalowa m'madzi a padambo pothirira. Ndili mwana ndinadwalapo likodzo.

Thupi silikutentha, msana sukupweteka, sindinaonde, ndikudya bwino. Kumaliseche sikukutuluka mafinya ndipo kulibe zilonda.

Ndimamwa kapilisi kamodzi ka bipi m'mawa uliwonse kuyambira chaka cha 2021, dzina lake lili m'kabuku. Mlungu watha ndinamwa piritoni masiku atatu chifukwa cha chimfine, ndipo masiku amenewo kukodza kunavuta kwambiri. Ndinamwanso mankhwala azitsamba kwa milungu iwiri koma sindinaone kusintha. Madzulo ndimamwa tiyi makapu awiri, Loweruka ndimamwako mowa. Fodya ndinasiya kusuta zaka khumi zapitazo.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti bambo anga anamwalira ali ndi paipi ya mkodzo, ndipo sindidziwa kuti ankadwala chiyani. Kodi ndi khansa? Zikomo."

Zimene adokotala akuwerengamo

Kudikira mkodzo, kufooka kwake, kuduka ndi kumva kuti watsalira, kwa bambo wa msinkhu umenewu, kumachititsa adokotala kuganizira kachiwalo kotchedwa pulositeti. Kachiwaloka kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira ya mkodzo. Abambo ambiri akapitirira zaka 50 kamakula, n'kumafinya njirayo. Kukula kumeneku nthawi zambiri si khansa. Komabe khansa ya pulositeti imatha kuoneka mofananamo, kapena osaonetsa chizindikiro chilichonse poyamba, n'chifukwa chake uthenga wokha sungathe kusiyanitsa. Afunika kupimidwa. Adokotala amavala gulavu n'kulowetsa chala kotulukira chimbudzi kuti amve kukula ndi kulimba kwa kachiwaloko. N'zosasangalatsa koma sizitenga nthawi, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti zidzachitika kusiyana ndi kukadzidzimuka nazo pabedi.

Mzere wa magazi ndi umene uli wolemera kwambiri mu uthenga wonsewu, ndipo ndi umene abambo ambiri amausiya chifukwa "anangotuluka kawiri n'kusiya." Bamboyu wachita bwino kunena kuti anatuluka kumapeto. Magazi a kumapeto kwa kukodza, kwa munthu wolowa m'madzi a padambo momwe mumakhala nkhono, amakumbutsa likodzo. Likodzo silisankha ana okha, ndipo amene anachira akhoza kulitenganso. Mazira ake amapezeka bwino mu mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, choncho musadabwe akakuuzani kuti mupereke mkodzo nthawi imeneyo. Koma magazi osapweteka mwa munthu wamkulu sayenera kungotchedwa likodzo n'kuiwalidwa. Likodzo lokhalitsa zaka zambiri limatha kuwononga chikhodzodzo mpaka kuyambitsa khansa, ndipo kusuta fodya nakonso kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya chikhodzodzo. Ndiye chifukwa chake za fodya zalembedwa ngakhale anasiya kale. Adokotala angafune kuunika chikhodzodzo ndi impso pa makina, ndipo akaona chokayikitsa angamutumize kuchipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe.

Onaninso ndime imene akunena zimene alibe. Kunena kuti thupi silikutentha, sakumva kuwotcha ndipo sakutuluka mafinya kumachepetsa mwayi woti ndi matenda a tizilombo m'njira ya mkodzo kapena opatsirana pogonana. Kunena kuti sanaonde ndipo msana sukupweteka kumachepetsako mantha a khansa yofalikira. Zimene mulibe n'zofunika kulemba ngati zimene muli nazo. Zikakhala kuti mafinya alipo, kapena munagonana ndi munthu wina popanda kondomu, lembani zoona zake. Adokotala amamva zotere tsiku ndi tsiku.

Za mankhwala zikhoza kusintha chithandizo chonse. Ena mwa mapilisi a bipi amagwira ntchito pochulukitsa mkodzo, ndiye adokotala afuna kudziwa kuti ndi ati komanso mumamwa nthawi yanji. Musawasiye panokha. Piritoni ndi mankhwala ena a chimfine amafooketsa chikhodzodzo, ndipo kwa bambo amene pulositeti yake yakula kale akhoza kutsekeratu mkodzo. Bamboyu sankadziwa zimenezi, anangolemba zimene anaona, koma mzere umenewo ndi chenjezo lalikulu kwa adokotala. Tiyi wamadzulo ndi mowa zimawonjezera maulendo a usiku. Zazitsamba nenani, ngakhale mukuopa kudzudzulidwa, chifukwa zina zimalemetsa impso.

Nkhawa yake waiika kumapeto, ndipo waitchula poyera pamodzi ndi chifukwa chake. Mbiri ya bambo ake ndi yothandiza, popeza khansa ya pulositeti imatha kuyenda m'banja. Komanso adokotala akadziwa chimene mukuopa, amayankha chimenecho.

Pamene simuyenera kulemba uthenga

Pali zina zosadikira Lachinayi. Mkodzo ukatsekeka kotheratu, m'munsi mwa mchombo mukutupa ndi kupweteka koma palibe chikutuluka, pitani kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, pa njinga yamoto kapena chilichonse chimene chapezeka. Akaikako paipi yotulutsa mkodzo, ululu umachepa msanga. Musawonjezere kumwa madzi poganiza kuti akankha, mungodzaza chikhodzodzo chimene chadzaza kale. Chimodzimodzi ngati mkodzo wonse wasanduka wofiira ndi magazi oundana, ngati thupi latentha mukunjenjemera ndipo m'mbali mwa msana mukupweteka, ngati tchende limodzi latupa ndi kupweteka mwadzidzidzi, kapena ngati miyendo yafooka ndi kuchita dzanzi pamodzi ndi kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi. Uthenga wa pa foni ukhoza kukhala tsiku lonse osawerengedwa.

Potumiza

Ngati foni mumagwiritsa ntchito ndi ana kapena anzanu, pepala ndi labwino kuposa foni. Ngati kulemba kumakuvutani, pemphani munthu amene mumamukhulupirira kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo akuwerengereni zimene walemba musanatumize. Musatumize zithunzi za kumaliseche. Adokotala akapanda kuyankha, musakhumudwe ndipo musasinthe tsiku lanu. Pa tsikulo tengani pepala la uthengawo, la masiku atatu aja, kabuku ka kuchipatala, ndi mankhwala onse amene mukumwa ali m'mapepala ake. Mukafika musathamangire kuchimbudzi musanafunse, chifukwa angafune mkodzo woti ayeze, kapena kuunika chikhodzodzo chili chodzaza.