Kampata kamodzi kabisa mabatire 38

Ndatopa nako kumva kuti "kompyuta sinama." Inde sinama, koma imawerenga zomwe mwaipatsa, ndipo mukaipatsa zolakwika siikufunsani.

Ndimayang'anira mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono. Ambiri amalemba malonda bwino mu Excel kapena Google Sheets: tsiku mu kolamu A, dzina la katundu mu B, kuchuluka kwa zomwe zagulidwa mu C. Kenaka amandandalika mayina a katundu mu F, n'kuika fomula iyi mu G2 ndi kuikokera pansi:

```
=SUMIFS(C:C,B:B,F2,A:A,$H$1)
```

Mu H1 mumalemba tsiku lomwe mukufuna. Fomulayi imafufuza mizere ya tsikulo yomwe dzina lake likufanana ndi la mu F2, n'kuphatikiza manambala a mu C. Vuto lagona pa mawu oti "likufanana."

Mayi wina anandibweretsera buku lake atachepetsa kale oda ya mabatire, ati sakuyenda. Pa tsiku lomwe tinayang'ana, fomula inkaonetsa makandulo 70, mabatire 58. Koma shelefu ya mabatire inkangokhala yopanda kanthu. Nditadina kabokosi kamodzikamodzi mu B ndinapeza kuti mnyamata wothandiza pakauntala ankati akalemba "Mabatire" amasiya kampata kumapeto. Maso sakaona kampatako, koma kwa fomula limenelo ndi dzina lina. Zilembo zazikulu kapena zazing'ono siisankha, kampata ndiye ayi. Mabatire 38 anatayika choncho. Ogulidwa anali 96, ndipo ndiwo anali patsogolo. Zimandipwetekabe mtima chifukwa mayiyu anabweza makasitomala kwa milungu ingapo, atakhulupirira wachibale "wodziwa kompyuta" yemwe anamuikira fomula n'kuchoka osayesa ngati ikugwira.

Kuyesako n'kwa mphindi imodzi. Phatikizani zonse za tsikulo osasankha katundu, ndiye muchotsepo zonse za mu G. Ngati katundu wanu alipo mitundu 20:

```
=SUMIF(A:A,H1,C:C)-SUM(G2:G21)
```

Yankho liyenera kukhala 0. Kwa mayi uja linatuluka 38. Likatuluka nambala ina iliyonse, musaode kanthu kufikira mutapeza mzere wosochera. Fomula ya TRIM imachotsa timipata totere, koma siingakonze "Mabatile" wolembedwa ndi l. Mankhwala enieni ndi Data Validation pa kolamu B, kuti wolemba azisankha dzina pamndandanda m'malo molitayipa.

Mukapeza 0, pamenepo ndiye funsani katundu amene wayenda malonda kwambiri:

```
=INDEX(F2:F21,MATCH(MAX(G2:G21),G2:G21,0))
```

Samalani, awiri akafanana pamwamba imangotchula woyamba pamndandanda, winayo osamutchula. Choncho yang'ananinso manambala a mu G ndi maso anu. Ndipo chonde yesani madzulo aliwonse potseka, mnyamata akadakumbukira zomwe walemba, osadikira kutha kwa mwezi pamene mizere yafika mazanamazana.