Kupepesa mwana sikuchotsa ulemu wa kholo

Ambiri tinakula tikumva kuti wamkulu salakwa, ndipo kholo likapepesa mwana ndiye kuti ladzitsitsa. Nchifukwa chake munthu akakalipira mwana mopyola muyeso, mtima n'kumamupweteka, amathamangira kumugulira kanthu kapena kungokhala chete ngati palibe chachitika. Zonsezi sizikonza kanthu. Mwana wamng'ono amaganiza kuti chilichonse chimachitika chifukwa cha iye, choncho mukapanda kufotokoza amangoti, "Ndine woipa."

Tinene kuti mwana wazaka 5 wataya madzi pa makalata anu ofunika, inu mwamuzazira mpaka wakabisala. Dikirani kaye mtima utsike. Kenako khalani pansi kuti maso anu alingane ndi ake, munene mwachidule: "Ndinakukalipira kwambiri, unachita mantha. Pepa mwanangu." Osawonjezera kuti "koma iwenso umanyanya", chifukwa "koma" ameneyo amabweza mlandu wonse kwa mwana. Musamulirirenso mpaka iye ayambe kukutonthozani. Imeneyo si ntchito yake.

Lamulo lija lisasinthe: zosewerera madzi pafupi ndi makalata mukambirane pambuyo pake, nonse mutakhazikika. Akakana kukumbatiridwa musamukakamize. Koma mukaona kuti amanjenjemera mukangokweza mawu, kapena wayamba kubisa zolakwa, vuto ndi kukalipa kwa tsiku ndi tsiku, ndipo kupepesa kokha sikukwanira.