Chikwangwani cha buluu chozungulira si malangizo chabe

"Pa foto iyi, chikwangwani cha buluu chozungulira chokhala ndi muvi, si chongolangiza chabe? Ife tidziwa kuti lamulo ndi chofiira."

Ayi achimwene, chimenecho ndi lamulo ndithu. Madalaivala ambiri kuno ku Chipata anakula ndi maganizo amenewa ndipo zimandidetsa nkhawa. Muziyamba mwaona kapangidwe, mtundu pambuyo. Chozungulira chilichonse chilamula. Chikakhala ndi mkombero wofiira chikuti osachita, chikakhala cha buluu chikuti chitani ichi basi, ndiye muvi woyera uja pa foto yanu woloza pansi chakumanzere ukuti dutsani kumanzere kwa chikwangwanicho, mukalowera kumanja mukumana maso ndi maso ndi motoka zobwera.

Pa manambala mpomwe anthu asokonezeka kwambiri. 60 mu mkombero wofiira ndiye kuti osapitirira 60, koma 60 yemweyo pa buluu ndiye kuti osachepera 60.

Chochenjeza ndi cha makona atatu choloza kumwamba, monga cha ng'ombe pa msewu wopita ku Katete. STOP yekha ndiye ali ndi mbali 8, anachita dala kuti ngakhale fumbi likwirire zilembo kapena mumuonere kumbuyo, muzimuzindikirabe.