Moni wa Idi amadikira mwezi

Chaka china ndinadzuka m'mawa nditaona kale pafoni mauthenga olembedwa Eid Mubarak akuuluka uku ndi uku. Ndinatuluka ndi changu kukapereka moni kwa aneba anga kuno ku Chibavi mu Mzuzu, bambo achikulire osoka zovala amene anachokera ku Mangochi kalekale. Ndinawapeza pakhonde akupalasa makina, milomo itauma gwa. Nditati "Idi mubaraka, bambo," anaseka pang'ono nati, "Mwafulumira, achimwene. Ife mwezi sitinauone dzulo, lero tikadali pa swaumu. Moniyo musunge, mubwere nayo mawa." Mauthenga aja anali ochokera kumayiko kumene mwezi unali utalengezedwa kale. Kuno kunali tsiku la 30 la Ramadhani, ndipo munthu amene ndinkamufunira chikondwererochi anali asanalawe ngakhale dontho la madzi.

Mawu anga analibe vuto, chimene chinalakwika chinali tsiku. Ndipo kuti munthu amvetse chifukwa chake tsiku limavuta chonchi, ayenera kubwerera ku Madina. Mtumiki Muhammad anasamuka ku Maka kupita kumeneko mu 622, ndipo ulendo umenewu, wotchedwa Hijira, ndiwo unadzakhala poyambira kuwerenga zaka za Chisilamu mu ulamuliro wa Umar, mtsogoleri wachiwiri wa Asilamu Mtumiki atamwalira. Mbiri ya Chisilamu imati anapeza anthu a ku Madina ali ndi masiku awiri a masewera, ndipo anawauza kuti Mulungu wawasinthira ndi awiri abwino koposa: tsiku lomasula kusala ndi tsiku la nsembe. Lamulo losala mwezi wa Ramadhani linabwera m'chaka chachiwiri cha Hijira, choncho Idi yoyamba inachitika mu 624. Liwu loti idi limachokera ku tsinde la Chiarabu lotanthauza kubwerera, chinthu chobwera mobwerezabwereza.

Chimabwerera ndithu, koma osati pa deti limodzi la kalendala yapakhoma. Mwezi wa Chisilamu umayamba mwezi wakumwamba ukaoneka ngati kachikwakwa dzuwa litangolowa, ndipo umakhala ndi masiku 29 kapena 30. Chaka chonse chimakwana masiku 354 kapena 355, motero Idi imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Mu 2024 Idi yomasula inagwa cha pakati pa Epulo, mu 2025 inagwa kumapeto kwa Malichi. Pakatha zaka ngati 33 imakhala itazungulira nyengo zonse, dzinja, chisanu cha Juni chimene a ku Mzuzu timachidziwa bwino, ndi kutentha kwa Okutobala. Madzulo a tsiku la 29 la Ramadhani ndiye pali nkhani. Mwezi ukaoneka, mawa ndi Idi. Ukapanda kuoneka, amakwanitsa 30. Thambo la kuno kwathu limakonda mitambo ndi nkhungu, choncho palibe amene amadalira diso lake lokha. Anthu amatchera khutu ku wailesi kudikira chilengezo cha atsogoleri a Chisilamu. Pena zimachitikanso kuti ena atsatira chilengezo cha ku Saudi Arabia pamene ena adikira mwezi uoneke kuno, ndiye nyumba ziwiri zoyandikana n'kudya Idi masiku osiyana. Inu amene simuli Msilamu musaweruze mlandu umenewo. Ingofunsani madzulo kuti "Kodi mwezi waoneka?" Yankho lake ndilo likuuzeni tsiku la moni.

Moni wakale kwambiri si "Idi mubaraka" ayi. Zolembedwa zakale zimati otsatira a Mtumiki akakumana pa tsiku la Idi ankauzana kuti "Takabbala llahu minna wa minkum," kutanthauza kuti Mulungu alandire kwa ife ndi kwa inu. Tamvetsani bwino zimene akunena. Sakuyamikirana chakudya kapena zovala zatsopano. Akupempha kuti kusala kwa mwezi wathunthu, mapemphero a usiku ndi chopereka cha osauka zisapite pachabe. Ndi pemphero la anthu amene asenza limodzi katundu. Mudzalimva pabwalo swala ya Idi, mapemphero a m'mawa wa tsikulo, ikangotha, amuna akukumbatirana, ndipo woyankha amabwereza mawu omwewo kapena kungoti "Amina."

Kwa ine, moni ameneyu ndi wa iwo amene asala. Palibe lamulo loletsa Mkhristu kuunena, ndipo palibe Msilamu amene angakwiye nawo. Koma muli kachidutswa kakuti "minna," kwa ife. Ngati mwezi wonse mwakhala mukudya nsima ya masana pamaso pa mnzanu wa kuntchito, ndi chiyani chanu chimene mukupempha kuti chilandiridwe? Ngati mwaukonda, nenani mbali yake yokha: "Takabbala llahu minkum," Mulungu alandire zanu. Pamenepo mwanena zoona. Ndipo onani "-kum" wakumapetoyo. M'Chiarabu ndi mawu a anthu ambiri, koma amagwiranso ntchito ya ulemu kwa munthu mmodzi, ngati mmene ife timanenera "inu" m'malo mwa "iwe." Ubwino wake wina ndi wakuti simuvutika kusankha pakati pa "minka" wa mwamuna ndi "minki" wa mkazi. Gwirani "-kum," simuphonya.

"Idi mubaraka" ndiye moni wa aliyense. Mubaraka ndi chinthu chodalitsidwa, kuchokera ku baraka, madalitso. Umagwira pa Idi zonse ziwiri, kwa wamkulu ndi mwana, pamsewu ndi mu ofesi. Akakuyankhani kuti "Allahu yubarik fiik," akuti Mulungu akudalitseni. Amwenye a m'masitolo a m'tauni ambiri amayankha kuti "Khairi mubaraka," kayankhidwe kamene kanabwera nawo kuchokera ku India ndi Pakisitani. Nthawi yake imayamba chilengezo chikangomveka usiku, chifukwa tsiku la Chisilamu limayamba dzuwa likalowa, koma umakoma kwambiri m'mawa anthu akuchokera ku swala. Mukakumana naye mnzanu mawa lake kapena mkuja, mutha kuunenabe. Sabata ikatha wazizira.

Palinso "Kullu aam wa antum bikhair," kuti chaka chilichonse chikupezeni muli bwino, ndipo yankho lake ndi "Wa antum bikhair." Uwu mulibe nkhani ya kusala kapena nsembe, choncho Aarabu amaunena pa chikondwerero chilichonse cha pachaka, ngakhale Akhristu a ku Igupto ndi Lebanoni pa Khirisimasi. Kuno mudzaumva makamaka kwa mashehe amene anakaphunzira kunja.

Kuti mawuwa afike ku Mzuzu anayenda ulendo wautali, ndipo sanabwere njira imodzi. Chisilamu chinalowa m'dziko muno ndi amalonda a Chiswahili ochokera kugombe la nyanja yamchere. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda analowa Chisilamu m'zaka zotsatira. Kumpoto kuno mbiri inali ina. Mlozi wa ku Karonga, wamalonda a akapolo, anaphedwa mu 1895, ndipo chimene chinazika mizu pakati pa Atumbuka ndi Atonga chinali sukulu za mishoni ya Livingstonia. Mzuzu weniweniyo ndi wa dzulodzulo: anakula kuchokera ku minda ya mitengo ya tung ya m'ma 1940 ndipo anakhala mzinda mu 1985. Asilamu ambiri a kuno anabwera ndi ntchito ndi malonda, kuchokera ku Mangochi, Machinga, Salima, Nkhotakota, ena ku Tanzania. N'chifukwa chake mawu a m'mwezi wosala timawamva m'kamvekedwe ka kugombe: futali wa madzulo, daku wa m'bandakucha. N'chifukwa chakenso amalonda a Chiswahili pamsika mungawamve wina akuti "Minal aidina," mnzake n'kumalizitsa kuti "Wal faizina," kupempha kukhala m'gulu la obwerera ndi opambana. Ndipo n'chifukwa chake mbadwa yambiri ya kuno inakula isanamvepo moni wa Idi, mpaka pamene boma la Bakili Muluzi, pulezidenti woyamba wa Chisilamu amene analowa mu 1994, linaika Idi yomasula pa masiku a tchuthi. Tchuthi chimenechi ndicho chinachititsa ambirife kufunsa kuti kodi tiziti chiyani kwa anzathu.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kunena "Idi mubaraka" pa tsiku loyamba kusala. Ramadhani si Idi. Poyamba mwezi amati "Ramadhani mubaraka" kapena "Ramadhani kariimu," ndipo wachiwiriyu amayankhidwa kuti "Allahu akramu," Mulungu ndiye wowolowa manja koposa. Yankho limeneli likukhudza kamkangano kakang'ono: mashehe ena amati kuwolowa manja ndi kwa Mulungu, osati kwa mwezi, choncho amakonda "mubaraka." Ambiri saona vuto. Mlendo pa nkhaniyi asankhe "mubaraka," palibe amene adzakweze nsidze.

Idi yachiwiri ndiyo timaiiwala, poti ilibe mwezi wosala woichenjezera ndipo ambirife timakhala kuntchito monga mwa masiku onse. Imagwa pa 10 mwezi wa Dhul Hijja, patatha masabata ngati khumi chichitikire yoyamba, pokumbukira Ibrahimu amene anavomera kupereka mwana wake nsembe. Ubwino wake, deti lake limadziwika masiku asanu ndi anayi lisanafike, mwezi ukangooneka. Mbuzi imodzi imaimira munthu mmodzi ndi banja lake, ng'ombe amatha kusonkherana anthu asanu ndi awiri, ndipo nyama imagawidwa kwa banja, abale ndi anansi, ndi osauka. Moni wake ndi "Idi mubaraka" yemweyo. Wochokera ku haji ku Maka yekha ndiye amalandiridwa ndi "Hajji mabruur," haji yolandiridwa. Musamunenere amene wapha mbuzi yake ku Zolozolo. Za Maulidi, kubadwa kwa Mtumiki, pitani nazo mosamala. Asilamu a gulu la Kadiriya amachita chikondwerero cha ziyala ndi mtima wonse, ena amati mwambowu ulibe maziko m'chipembedzo. Dikirani mwini wake ayambe kuitchula.

Mawa lake la tsiku ndinaphonya lija ndinadikira mpaka cha m'ma 9 koloko. Aneba anatulukira pangodya atavala mkanjo woyera ndi kofiya, adzukulu awiri ali pambuyo, mkeka wa swala uli m'khwapa. "Idi mubaraka, bambo." Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Allahu yubarik fiik, achimwene. Lero ndiye mwalasa." Masana mdzukulu anagogoda ndi mbale yovundikira, mpunga wa Kilombero ndi nkhuku, nati agogo akuti mbaleyo musachedwe nayo, pali nyumba zina zitatu.