Mwadula chithunzi, koma mbali mwadulayo yapita kuti?

Munthu akadula chithunzi pafoni kapena pakompyuta amaganiza kuti wagwira lumo, mbali yosafunikayo yatayidwa. M'mapulogalamu ambiri zimene zachitika n'zofanana ndi kupinda pepala: mbali ija yangobisika kumbuyo, ndipo aliyense wolandira pepalalo akhoza kulifunyulula. Opanga mapulogalamu anachita zimenezi dala, kuti mukasintha maganizo mawa mubweze chithunzi mmene chinalili. Vuto limayamba pamene fayiloyo yachoka m'manja mwanu. Choncho musadalire zimene maso anu akuona pasikirini. Funso loyenera ndi lakuti, kodi fayilo imene ndikutumizayi yanyamula chiyani m'kati mwake?

Tiyambe ndi Word, chifukwa m'maofesi ndi mmene anthu amapsa nazo kawirikawiri. Tiyerekeze kuti mlembi wauzidwa kulemba kalata yofotokoza za malipiro a wantchito mmodzi. Watsegula ndandanda ya malipiro a anthu onse, wajambula sikirini yonse, waika chithunzicho m'kalatamo, kenako wadina Crop n'kukoka m'mphepete mpaka patsala mzere umodzi wokha wa munthu amene akumunenayo. Kumtunda wachotsa magawo 30 pa 100 a chithunzicho, kumunsi magawo 60 pa 100. Pasikirini zikuoneka bwinobwino. Wasunga, watumiza pa imelo.

Wolandira uja safunika luso lililonse. Akangodina chithunzicho n'kudinanso Crop, mbali zobisika zija zimaoneka zotuwa m'mphepete, ndipo akakoka, malipiro a ofesi yonse ali poyera, a bwana omwe. Chifukwa chake n'chakuti Word sanakhudze chithunzi chenichenicho. Anangolemba kamzere ka malangizo m'kati mwa fayilo, kooneka chonchi:

```
<a:srcRect t="30000" b="60000"/>
```

Kamzereka kakungonena kuti posonyeza chithunzichi, bisani magawo 30 pa 100 kumtunda ndi 60 pa 100 kumunsi. Chithunzicho chili chathunthu pambali pake. Mukhoza kudzionera nokha lero lomwe. Koperani kalata yanu, ndipo pa kope latsopanolo sinthani mapeto a dzina kuchoka pa .docx kukhala .zip, popeza fayilo ya Word ndi mtolo chabe wa mafayilo ang'onoang'ono. Tsegulani mtolowo, lowani mu word, kenako mu media. Mmenemo mupeza zithunzi zonse za m'kalatamo, zili ndi mayina ngati image1.png, chilichonse mmene chinalowera. PowerPoint ndi Excel amachitanso chimodzimodzi, kungoti foda yoyamba imakhala ppt kapena xl.

Mankhwala ake alipo, koma anawabisa pamalo amene munthu sangawaganizire. Dinani chithunzicho, pitani pa Picture Format, sankhani Compress Pictures, ndipo chongani pamene palembedwa Delete cropped areas of pictures. Ngati zithunzi zodulidwa zili zingapo, chotsani chongi pa Apply only to this picture kuti zonse zikhudzidwe. Mukasunga, bwerezani kuyesa kwa .zip kuja. Ine ndimaona kuti ngakhale njira imeneyi ndi yachiwiri. Yoyamba ndi yakuti chithunzi chokhala ndi chinsinsi chisalowe n'komwe mu Word chili chathunthu. Mlembi uja akanajambula mzere umodzi wokhawo kuyambira pachiyambi, pakanakhala palibe choti wina afunyulule.

Ena amati, ine ndimasandutsa PDF, ndiye ndilibe nkhawa. Musathamangire kutero. Zimene zimalowa mu PDF zimadalira pulogalamu imene yaipanga, ndipo kudula tsamba la PDF lomwelo nthawi zambiri ndi kupindanso. Tsamba lililonse limakhala ndi muyezo wake wonse, umene umatchedwa MediaBox, ndipo chida chodulira chimangoika muyezo wina wocheperapo, CropBox, wouza pulogalamu pamene iyenera kuonetsa. Mawu ndi manambala a kunja kwa malirewo amakhalabe m'fayilo.

Zithunzi za kamera zili ndi msampha wake wina. Kamera ikajambula, kuwonjezera pa chithunzi chachikulu imapanganso kachithunzi kakang'ono n'kukaika m'kati mwa fayilo yomweyo, m'chigawo chotchedwa Exif, mmene mumakhalanso tsiku, mtundu wa kamera, ndipo nthawi zina malo amene munajambulira. Ntchito ya kachithunzika ndi yakuti chida chikuonetseni msanga zimene zili m'fayilo popanda kutsegula chithunzi chonse. Muyezo wake wachizolowezi ndi mapikiselo 160 m'lifupi ndi 120 m'litali, ndipo chigawo chimene kamakhalamo sichipitirira makilobayiti 64. Pulogalamu yabwino ikadula chithunzi chachikulu imapanganso kachithunzi katsopano. Pulogalamu yosasamala imangonyamula Exif yakale yonse n'kuimata pa fayilo yatsopano, kachithunzi kakale kali momwemo. Mu 2003 wina woulutsa mapulogalamu pa wailesi ya kanema ya TechTV ku America anaika pa intaneti zithunzi zake zimene anazidula kuti zionetse nkhope, koma anthu anatulutsamo tizithunzi takale toonetsa mbali ya thupi imene iye anafuna kubisa. Kuyambira nthawi imeneyo mapulogalamu ambiri anakonzedwa, komabe simungadziwe za yanuyo musanayese.

Tisakokomeze. Pa mapikiselo 160 simungawerenge nambala ya akaunti kapena zolembedwa zing'onozing'ono. Koma mungathe kuona kuti pambali panaima munthu, wavala zovala za mtundu wanji, m'chipinda chotani, ndipo kwa amene akumudziwa zimenezo n'zokwanira. Ngati mwadula chithunzi kuti mubise mwana, mboni kapena munthu amene wakupatsani nkhani mwachinsinsi, kachithunzi kameneka n'kofunika kukaona. Chizindikiro chimodzi ndi ichi: mufoda chithunzi chikuoneka chathunthu, koma mukachitsegula chikuoneka chodulidwa. Nthawi zina imakhala kompyuta yanu chabe imene ikukumbukira zakale, choncho kuti mutsimikize gwiritsani ntchito pulogalamu yaulere ya ExifTool, imene analemba Phil Harvey:

```
exiftool -b -ThumbnailImage chithunzi.jpg > kachithunzi.jpg
exiftool -all= chithunzi.jpg
```

Lamulo loyambalo limatulutsa kachithunzi kobisika kuti mukaone ndi maso. Lachiwirilo limafufuta Exif yonse pamodzi ndi zina zotere. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. ExifTool imasiya fayilo yakale pambali, dzina lake likuthera ndi _original, ndipo munthu wapachangu akhoza kutumiza imeneyo. Komanso uthenga wouza chida kuti chithunzi chiimirire kapena chigone umakhala mu Exif momwemo, choncho mukafufuta zonse chithunzi china chimatuluka chogona cham'mbali, n'kufunika kuchitembenuza.

Pafoni nkhani yake ndi ya batani lobwezera. Pa iPhone, chithunzi chimene mwadula mu Photos mukhoza kuchibweza podina Edit kenako Revert, ngakhale patapita miyezi. Zimenezi zikusonyeza kuti foni yasunga chithunzi choyambirira, ndipo kudula kwanu yakulemba padera ngati malangizo. Mukatumiza mwachizolowezi, foni imapanga kope la zimene zikuoneka zokha. Koma potumiza ndi AirDrop, njira yotumizirana mafayilo pakati pa zida za Apple, pali Options, ndipo mukayatsa All Photos Data wolandirayo amalandira choyambirira pamodzi ndi mbiri ya kusintha kwanu, n'kutha kubweza yekha. Mafoni ambiri a Android alinso ndi njira yobwezera yofanana nayo. Lamulo lake ndi losavuta: ngati inu mungathe kubweza, ndiye kuti mbali ija ikadalipo penapake, ndipo amene wagwira foni yanu yosakiya angathenso.

Pa WhatsApp njira imene mwasankha ndi imene imalamula. Mukatumiza ngati chithunzi, pulogalamuyo imachipanganso mwatsopano, kuchichepetsa ndi kuchotsa Exif, motero zobisika zambiri sizifika kwa wolandira. Mukasankha Document kuti chisataye kuwala, fayilo imapita mmene ilili, ndi katundu wake yense. Imelo imachitanso chimodzimodzi. Amene amatumiza umboni woti alipira ndalama pafoni, atadula pamene pakuoneka ndalama zotsala, ayenera kudziwa kusiyana kumeneku.

Palinso nthawi imene pulogalamu imafunadi kudula koma n'kulephera mwangozi. Mu Malichi 2023, Simon Aarons ndi David Buchanan anaulula vuto limene analitcha aCropalypse, m'chida cha Markup cha mafoni a Google Pixel. Munthu akadula chithunzi cha sikirini, chidacho chinkalemba chithunzi chatsopano pamwamba pa fayilo yakale, kuyambira kumayambiriro, koma osadula mchira wotsalawo. Tinene kuti fayilo yakale inali makilobayiti 1000 ndipo chithunzi chodulidwa chikukwana 300. Chidacho chinkafafaniza 300 oyambirirawo, ndipo 700 otsalawo ankakhalabe momwemo. Palibe ankawaona chifukwa chithunzi cha PNG chimakhala ndi chizindikiro cha mapeto, IEND, ndipo mapulogalamu akafika pamenepo amasiya kuwerenga. Ofufuzawo anasonyeza kuti mchira umenewo ukhoza kumasuliridwa n'kubwezeretsa mbali yaikulu ya chithunzi chakale, makamaka yakumunsi, popeza yakumtunda ndi imene inali itafafanizidwa. Patangopita masiku ochepa vuto lofanana nalo linapezeka mu Snipping Tool ya Windows 11 ndi Snip & Sketch ya Windows 10. Google ndi Microsoft anakonza m'mwezi womwewo.

Nkhani imeneyi ikutipatsa muyeso wosafuna ukatswiri: kukula kwa fayilo. Musanadule onani kuti ndi yaikulu bwanji, mukadula onaninso. Ngati mwataya mbali yaikulu ya chithunzi koma fayilo sinasinthe n'pang'ono pomwe, kapena kalata ya Word yokhala ndi kamzere kamodzi ikulemerabe ngati yanyamula sikirini yonse, pali chimene chatsalira. Muyesowu sugwira kachithunzi ka Exif, chifukwa n'kakang'ono kwambiri moti sikaoneka pa sikelo yotere.

Kwa munthu amene alibe nthawi ya ExifTool, njira imene ndimalangiza ndi iyi: dulani, tsegulani chodulidwacho kuti chioneke chokha pasikirini, ndipo jambulani sikiriniyo. Chithunzi cha sikirini chimatenga zimene zikuoneka zokha, sichidziwa za fayilo imene ili kuseri. Musadulenso chatsopanochi pofuna kubisa kanthu, ndipo yang'anani kuti m'mphepete simunalowe uthenga kapena dzina la wina. Kuipa kwake n'kwakuti chithunzicho chimachepa mpaka muyezo wa sikirini yanu, choncho sichiyenera pa ntchito yosindikiza. Pa ntchito yotere gwiritsani ntchito Export kapena Save As n'kupereka dzina latsopano, osasunga pamwamba pa fayilo yakale, kenako fufutani Exif ndi kuyesa ngati kachithunzi katsalamo.

Zimene munatumiza kale sizichira ndi njira zonsezi. Kukonza kwa Google ndi Microsoft kunathandiza zithunzi zatsopano zokha, ndipo kalata ya mlembi ija ikadali mu imelo ya aliyense amene anailandira. Ngati m'mbali yobisikayo munali mawu achinsinsi olowera kapena nambala ya khadi la kubanki, tengani ngati zinaoneka kale, ndipo zisintheni.